Tameki mu mkute: kuchita dala, kusalabadira kapena kusasamala?

Mlandu uwu unachokera m'mudzi wina wa kufupi ndi Nkando, m'boma la Mulanje. Mayina sinditchula, ndipo tina ndi tina ndasintha kuti banja lisadziwike. Ine ndinaimira wozengedwa mlandu, bambo wa zaka za m'ma 50, mkamwini pamudzipo, wothyola tiyi pa esiteti ina, amenenso ankaweta nkhuku zachikuda kuseri kwa nyumba yake.

Galu wa mlamu wake anazolowera kudya mazira ndi anapiye. Bamboyu anadandaula, anakangana nawo, koma galu sanamangidwe. Tsiku lina anagula kapepala ka tameki pamsika. Kwa masiku atatu ankati kukada amasakaniza mankhwalawo ndi mkute komanso usipa pang'ono, n'kuika pa chivundikiro cha poto kuseri kwa khola, pansi pa chidutswa cha lata chimene anachitsamiritsa kukhoma. Kusanache ankachotsa, poti galuyo sankabwera. Mkazi wake anamuchenjeza usiku woyamba kuti, "Bambo, ana amasewera kumeneko." Iye anayankha kuti azichotsa ana asanadzuke, ndipo m'mawa uwiri woyamba anachotsadi. M'mawa wachitatu anadzuka mochedwa, anathamangira ku ntchito, mkute uja unatsala. Cha m'ma 7 koloko mdzukulu wa mlamu wake, mwana wa zaka 4 amene ankamuitana kuti agogo, anaupeza n'kudya. Posakhalitsa anayamba kusanza, kutuluka dovu ndi thukuta, kupuma movutikira, ndipo anamwalira ali pa njinga yamoto kupita kuchipatala.

Pa chimene chinapha mwanayo panalibe mkangano. Lipoti la kupima thupi linagwirizana ndi zimene mboni zinaona, ndipo bamboyu sanakane kuti anaika tameki ndi iyeyo. Apolisi anamutsegulira mlandu wakupha munthu mwadala, pansi pa gawo 209 la malamulo a milandu yaupandu. Ntchito yonse inatsalira pa funso limodzi: m'mutu mwa munthuyu munali chiyani pa nthawi imene ankaika mkutewo, komanso pa nthawi imene anausiya?

Zimene malamulo amafuna

Imfa ya mwanayo payokha sinena kuti mlandu ndi uti. Mankhwala omwewo, imfa yomweyo, zingathe kukhala milandu yosiyana kotheratu. Munthu akathira tameki mu thobwa la mbale wake chifukwa cholimbirana munda, akufuna kuti afe, kumeneko ndiye kuchita dala. Ngakhale thobwalo limwedwe ndi mlendo wongodutsa, mlandu susintha, pakuti gawo 212 limanena za cholinga chopha kapena kuvulaza kwambiri munthu aliyense, kaya ndi amene wafayo kaya ndi wina. Munthu wina akhoza kuika mankhwalawo poyera akuona bwinobwino kuti mwana angathe kuwatola, sakufuna kuti mwana afe, koma n'kunena mumtima kuti zioneka konko. Uku ndi kusalabadira: choopsa wachiona, koma wapitiriza popanda chifukwa chomveka. Wachitatu amasiya kapepala ka tameki pawindo pamene amaikapo mchere, osaganizako n'komwe za ana, pamene munthu aliyense wanzeru zake akanaganiza. Uku ndi kusasamala. Woyamba amafunsidwa chimene ankafuna, wachiwiri chimene anaona, wachitatu chimene anayenera kuona.

Pali wachinayinso amene alibe mlandu. Anatsekera mankhwala m'bokosi lokhoma, pamwamba, kiyi ali naye, koma wina anathyola bokosilo iye kulibe. Gawo 9 limati munthu sayankha mlandu pa chinthu chochitika mwangozi, kupatula pamene malamulo anena za kusasamala. Tiyenera kuchenjera apa, chifukwa mlandu wa gawo 208 ambiri amautcha kupha mwangozi, pomwe pa ngozi yeniyeni munthu amamasulidwa. Gawo 208 limafuna kuti imfa ichokere ku chinthu chosaloledwa chimene munthu anachita, kapena ku kusasamala kwakukulu pa udindo woteteza moyo.

Chimene achibale a wozengedwa mlandu samachimvetsa msanga n'chakuti malamulo athu sanaike mpanda wa gawo 209 pakati pa "ndimafuna" ndi "sindimafuna". Gawo 212 lili ndi njira zinayi zotsimikizira mtima wakupha, ndipo pa mlandu uwu ziwiri zoyamba ndizo zinatikhudza. Yoyamba ndi cholinga chija. Yachiwiri ndi kudziwa kuti chimene ukuchita, kapena chimene ukusiya kuchita, n'choyembekezeka kuti chipha kapena kuvulaza kwambiri munthu wina, ndipo gawolo limawonjezera kuti zilibe kanthu ngakhale munthuyo analibe nazo ntchito, ngakhalenso ankalakalaka kuti zisachitike. Choncho kusalabadira kuno kwathu kumagawika pawiri. Amene anadziwa kuti imfa kapena kuvulala kwakukulu ndiye chinthu choyembekezeka, wagwa pa gawo 209. Amene anaona kuti zingathe kuchitika koma sanazione ngati zoyembekezeka, ali pa gawo 208. Ku Mangalande, pa mlandu wa Woollin mu 1998, bwalo lawo lalikulu linati pamene munthu sankafuna imfa mwachindunji, cholinga chingapezeke pokhapokha ngati iye ankazindikira kuti imfa kapena kuvulala kwakukulu kunali kosapeweka. Lathuli ndi lotambalala kuposa pamenepo, ndipo loya amene angatengere mfundo ya Woollin osawerenga gawo 212 akhoza kumupweteketsa munthu wake.

Tiyerekeze mlimi wa nthochi ku Thyolo amene watopa ndi akuba, n'kuthira tameki mu mkoko wakupsa umene akudziwa kuti ubedwa usiku womwewo. Akadzanena kukhoti kuti ankangofuna kuwaphunzitsa, mawu amenewo samuthandiza. Anaika poizoni m'chakudya cha anthu, pa malo amene ankayembekezera kuti anthu achitenga. Ameneyo ndi wa gawo 209, ngakhale analibe munthu mmodzi amene ankamufuna.

Kusiyanaku sikongolankhula. Gawo 210 limalola chilango cha imfa kapena kukhala kundende moyo wonse, ngakhale kuti kuyambira pa chigamulo cha mlandu wa Kafantayeni mu 2007 woweruza sakakamizidwanso kupereka chilango cha imfa. Pa gawo 208 chilango chachikulu ndi moyo wonse kundende, malinga ndi gawo 211, koma woweruza amakhala ndi mpata waukulu wotsika malinga ndi kulakwa kwa munthuyo.

Umboni wa boma pa cholinga

Boma linali ndi zinthu ziwiri. Choyamba, mayi wa mwanayo ananena kuti sabata imodzi zisanachitike, pokangana za galu uja, bamboyu anati, "Chilichonse chimene chidzalowe kukhola kwanga sichidzatuluka chamoyo." Chachiwiri, mu sitetimenti imene anapereka kupolisi munali mawu akuti, "Ndinkadziwa kuti tameki amapha munthu."

Mawu oyambawo ndi oipa kuwamva pambuyo pa maliro, koma ayenera kuwerengedwa pa tsiku limene ananenedwa. Mkangano unali wa galu. Mboni ina imene inalipo, agogo aakazi a pamudzipo, inavomereza kuti panalibe amene anatchula ana, ndiponso kuti mwana womwalirayo ankadya kawirikawiri pakhomo pa bamboyu. Cholinga sitichiona ndi maso, timachipeza pa zimene munthu anachita, ndipo zimene anachita zinaloza kwa galu: anaika usiku ana atagona, kuseri kwa khola osati pakhonde, pansi pa lata, pa chivundikiro chakutha osati m'mbale yodyera, ndipo kawiri konse anachotsa kusanache. Munthu wofuna kupha mwana sachotsa nyambo pa ola limene mwana amadzuka.

Mawu achiwiriwo ndiwo anandidetsa nkhawa, chifukwa woweruza wowerenga mothamanga angawaone ngati kuvomera njira yachiwiri ya gawo 212. Nditamufunsa kundende kumene ankasungidwa podikira mlandu, anandiyankha mosabisa: "A loya, anandifunsa kuti kodi mumadziwa kuti tameki amapha? Nanga ndikanati sindidziwa? Ndani kuno sadziwa?" Yankho lakelo linali loona, ndipo m'menemo ndimo munali mfundo yathu. Kudziwa kuti mankhwala amapha ndi chinthu china, kudziwa kuti kuika mankhwalawo pamalo apa, pa ola ili, kupha munthu ndi chinanso. Gawo 212 limafunsa chachiwirichi. Aliyense wogwira chikwanje amadziwa kuti chimapha, koma si aliyense wosiya chikwanje pabwalo amene wadziwa kuti lero chipha munthu. Funso lachiwirilo silinafunsidwe kupolisi, ndipo udindo wolitsimikiza popanda chikaiko chomveka unali wa boma, monga limanenera gawo 187 la malamulo a kazengedwe ka milandu ndi umboni.

Pamene nkhani inatitembenukira

Achibale ake ankafuna kuti tilimbane mpaka amasulidwe. Mkulu wake anandiuza kuti, "Munthu kuiwala si mlandu, bwana." Kukanakhala kuiwala kokha, tikanakambirana za kusasamala, ndipo pamenepo mpata wolimbana ulipo. Sikuti kusasamala kulikonse kumafika pa gawo 208. Pa mlandu wa Adomako ku Mangalande mu 1994, dokotala wogonetsa odwala sanazindikire kwa mphindi zingapo kuti paipi ya mpweya yachoka, wodwala n'kumwalira. Bwalo linati payenera kukhala udindo, kuphwanya udindowo, imfa yochokera pamenepo, komanso kuti kusasamalako kukhale koipitsitsa moti kulipira chipepeso kokha sikungakwane. Zigamulo za kumeneko sizimanga makhoti athu, koma oweruza amaziwerenga pofuna nzeru. Kusasamala kocheperapo kuli ndi milandu yake yaing'ono m'malamulo athu, monga yosasamala ndi moto, ziweto zolusa kapena mankhwala oopsa mpaka kuika moyo wa ena pachiswe.

Ndinaona kuti ngakhale pa kuiwala kokhako tikanavutika. Malamulo amaika udindo pa munthu amene ali ndi chinthu choopsa m'manja mwake kuti asamale, ndipo choopsachi anachipanga ndi iye mwini. Komanso nyambo imene anasankha inali mkute. Pamudzi uliwonse mwana akadzuka ndi njala amayamba wafunafuna mkute, ndipo wothira usipa ndiye amaukonda. Akanagwiritsa ntchito matumbo a nkhuku owola, chinthu chimene mwana sangachiike mkamwa, kulakwa kwake kukanachepa kwambiri. Ine ndinkaona kuti woweruza aliyense woleredwa kumudzi sangamve zoti kuiwala poizoni mu mkute, pabwalo la ana, ndi kusasamala wamba.

Koma sikunali kuiwala kokha. M'mapepala a umboni amene boma linatipatsa munali sitetimenti ya mnzake wothyola naye tiyi. Iye anati ali m'njira, atayenda mphindi ngati 10 kuchokera pamudzi, bamboyu anaima n'kunena kuti, "Ndasiya chinthu china kukhola, koma ndikabwerera kapitawo andidula tsiku. Mayi akunyumba achotsa." Anapitiriza ulendo. Nditamuwerengera mawuwa anakhala chete kanthawi, kenako anati ndi zoona.

Apa mlandu unachoka pa kusasamala n'kufika pa kusalabadira. Pa ola limene ankatuluka m'nyumba anali munthu woiwala. Pa mphindi imene anaima panjira anali munthu wokumbukira, amene anaona choopsa, anachiyeza ndi malipiro a tsiku limodzi, n'kusankha malipiro. Chenjezo la mkazi wake la usiku woyamba linatseka khomo loti anene kuti za ana sanaziganizireko. Ngakhale kusamala kwake komwe, kobisa pansi pa lata ndi kuchotsa kusanache, kunali ndi mbali ziwiri: kunasonyeza kuti sankafuna kupha mwana, komanso kunasonyeza kuti ankadziwa kuti ana ali pangozi. Anali ndi foni m'thumba, ndipo mkazi wake analinso nayo. Sanaimbe.

Chimasiyanitsa kusalabadira ndi kusasamala ndi chimene munthuyo payekha anaona, osati chimene wina akanaona. Mlandu wa G ku Mangalande mu 2003 umaonetsa bwino zimenezi. Anyamata awiri a zaka 11 ndi 12 anayatsa nyuzipepala kuseri kwa sitolo n'kuchoka, akuganiza kuti moto uzima wokha pa simenti. Moto unagwira nyumba, katundu wa pafupifupi mapaundi 1 miliyoni anawonongeka. Bwalo lalikulu linawamasula chifukwa iwo sanaone choopsacho, ngakhale kuti wamkulu aliyense akanachiona. Bambo wathuyu sakanabisala kumeneko, pakuti mawu ake omwe panjira paja anasonyeza kuti anaona.

Kodi tsono anafika pa gawo 209?

Woimira boma, atapeza sitetimenti ya mnzake uja, analimbikira kuti inde. Mfundo yake inali yomveka: kwacha, ana adzuka, munthu akudziwa kuti poizoni ali mu mkute, ndipo wasankha kupita. Gawo 212 limatchula kusiya kuchita chinthu, osati kuchita kokha, ndipo limati kulakalaka kuti zisachitike sikupulumutsa.

Yankho lathu linagona pa kusiyana kwa chinthu chotheka ndi chinthu choyembekezeka. Mkutewo sunali poyera. Kuchokera pakhonde pamene ana ankakhala m'mawa kukafika kuseri kwa khola panali mamita ngati 15, ndipo kuti munthu auone ankayenera kuwerama n'kusuzumira pansi pa lata. Wapolisi amene anajambula malowo anavomereza zimenezi. Mkazi wake anali pakhomo, ankadziwa za nyamboyo, ndipo ndi amene ankatsegulira nkhuku m'mawa uliwonse. Mawu akuti "mayi akunyumba achotsa", amene boma linawaona ngati otipha, ndiwo anali umboni wokhawo wa zimene zinali m'mutu mwake pa mphindi imeneyo, ndipo ankasonyeza munthu woyembekezera kuti choopsacho chichotsedwa. Chiyembekezo chakecho chinali chopanda maziko okwanira, pakuti sanamuuze mkaziyo kuti lero sanachotse. Koma gawo 212 silifunsa ngati chiyembekezocho chinali chanzeru, limafunsa chimene iye ankadziwa. Munthu amene akukhulupirira, ngakhale mopusa, kuti wina achotsa, sitinganene popanda chikaiko kuti ankadziwa kuti imfa ndiyo ikubwera.

Zikanasintha ndi mfundo zochepa chabe. Mkazi wake akanakhala kuti anachoka dzulo lake kupita ku maliro, iye n'kudziwa kuti pakhomo patsala ana okhaokha, ndiponso akanakhala kuti anamuonapo mwanayo akusuzumira pansi pa lata lija, sindikanakhala ndi chonena pa njira yachiwiri ya gawo 212. Ndipo mnzake uja akanapanda kumva kalikonse panjira, tikanakhala tikukangana za kukula kwa kusasamala basi.

Uphungu umene ndinapereka ndi mapeto a mlandu

Ndinamulangiza kuti avomere mlandu wa gawo 208 ngati boma lingasiye wa gawo 209. Ndinamufotokozera kuti kulimbana mpaka kumapeto kunali ndi phindu lochepa, chifukwa kumasulidwa sikunali kuoneka, pomwe chiopsezo chinali chachikulu: akanakwera m'bokosi la mboni, funso loyamba likanakhala lakuti, "Bambo, mutaima panjira paja, munkaopa chiyani?" Yankho loona ndi lakuti ankaopa kuti mwana adya. Kuchoka pamenepo kufika pa "munkadziwa kuti adya" ndi mafunso awiri kapena atatu a loya wodziwa ntchito, kwa munthu amene akulira kale ndipo akudziimba mlandu yekha. Anthu ogwidwa ndi chisoni amavomera zoposa zimene anachita. Kusankha kunali kwake, ndipo atakambirana ndi mkazi wake anavomera.

Ofesi ya mkulu wozenga milandu m'malo mwa boma inalola. Ntchito imene inatitengera nthawi inali kulemba mfundo zogwirizana zimene zimawerengedwa m'bwalo lalikulu munthu asanatsimikize kuti akuvomera. Boma linalemba kuti wozengedwa mlandu "anasiya poizoni akudziwa kuti ana adya". Ndinakana chiganizo chimenecho, chifukwa ndi mawu a gawo 209, ndipo woweruza akanatha kufunsa chifukwa chake mlandu watsitsidwa, kapena kupereka chilango cholingana ndi mawuwo. Tinagwirizana zakuti "anakumbukira kuti sanachotse, anazindikira kuti mwana angathe kuupeza, koma anapitiriza ulendo poganiza kuti mkazi wake achotsa".

Popempha kuti chilango chichepe sindinanene kuti anaiwala, poti mfundo zogwirizana zinali zitatsutsa kale zimenezo. Ndinanena kuti kanali koyamba kupalamula, kuti anavomera, kuti atamva uthenga anathamanga yekha kukauza achipatala dzina la mankhwalawo, ndiponso kuti womwalirayo anali mwana wa pakhomo pake pomwe. Woweruza anatsindika pa foni imene sinaimbidwe, nati pamenepo ndi pamene panasiyanitsa mlandu uwu ndi wa munthu wongoiwala. Anamulamula kukakhala kundende zaka zingapo, kuwerengera kuyambira tsiku limene anamangidwa.

Achibale a mwanayo anafunsa chifukwa chake mkazi wa bamboyu sanazengedwe, popeza ankadziwa za tameki ndipo anali pakhomo. Boma linaunika n'kusiya, ndipo ndikuona kuti linachita bwino. Mayiyo sanaike nyamboyo, anachenjeza, anauzidwa kuti izichotsedwa kusanache, ndipo m'mawa uwiri wotsatizana anapeza kuti yachotsedwadi. M'mawa wachitatu anayamba wapita kumjigo asanatsegulire nkhuku, monga ankachitira masiku ena. Sanaone choopsa chilichonse tsiku limenelo, ndipo kunali kovuta kunena kuti mayi wina wosamala, atauzidwa zomwezo ndi mwamuna wake, akanayamba wakasuzumira pansi pa lata asanatenge ndowa.